Botolo lopanda dzina, lebulo pambuyo: lipoti la ntchito ya chithunzi chotsatsira mafuta odzola

Ntchito yomwe inabwera

Kasitomala anali kampani yaing'ono yopanga mafuta odzola. Ankafuna chithunzi chotsatsira malonda: botolo lawo litaima pamwala wosalala, kuwala kukuchokera mbali imodzi, kumbuyo kopanda zambiri. Zomwe anabwera nazo zinali zitatu: fayilo ya PDF ya lebulo yomwe amatumiza kosindikiza, chithunzi cha botolo chojambulidwa pafoni, ndi botolo lenilenilo, lagalasi labulawuni, lokhala ndi pampu yakuda pamwamba.

Anali atayesa kale okha pa pulogalamu ya AI yopanga zithunzi. Analemba dzina la kampani mu pulomputi, mawu ouza pulogalamuyo choti ijambule, ndipo zomwe zinatuluka zinali zokongola mukaziyang'ana patali. Kuziyandikira, dzina linali ndi chilembo chowonjezera, logo inali ya kampani yomwe kulibe, ndipo pamalo a zilembo zing'onozing'ono panali timizere tokhotakhota tongofanana ndi mawu. Mapulogalamu atsopano amatha ndithu kulemba mawu molondola, koma lebulo si mawu okha. Ili ndi logo, mtundu wake wa zilembo, mndandanda wa zosakaniza, kuchuluka kwa mafuta, ndipo zonsezi ziyenera kufanana ndendende ndi zomwe wogula adzazione pabotolo lenileni. Pulogalamuyo simata fayilo yanu pachithunzi, imajambula mwatsopano chinthu chofanana nayo.

Choncho tinagawa ntchito pawiri. Pulogalamu ipange botolo lopanda kanthu ndi malo ake, lebulo ichokere mu PDF ndipo imatidwe mu Photoshop. Zimenezi zikusintha cholinga cha pulomputi. Simukufunanso chithunzi chokongola chomalizidwa ayi. Mukufuna khoma la botolo lomwe lebulo ya muyeso wodziwika ikakhalepo bwino, ndipo chithunzi chilichonse chotuluka chiyenera kuweruzidwa pa mfundo imeneyi.

Rula poyamba, pulomputi pambuyo

Ndisanalembe liwu lililonse ndinayeza botolo. M'mimba mwake linali mamilimita 50. Khoma lake lowongoka, kuchokera pomwe phewa lathera mpaka pansi, linali mamilimita 90. Lebulo inali mamilimita 60 m'lifupi ndi 70 m'litali.

Nambala yofunika kwambiri apa ndi ya kutalika kwa khoma poyerekeza ndi m'mimba: 90 kugawa ndi 50, zomwe zikupereka 1.8. Pachithunzi chilichonse chotuluka, ndimayeza mapikiselo a khoma lowongoka n'kugawa ndi mapikiselo a m'lifupi mwa botolo. Yankho likakhala 1.5, botolo limenelo ndi lalifupi ndi lonenepa, ndipo lebulo sikwanapo pokhapokha mutaifinya. Mukaifinya, logo yozungulira imasanduka yophwatalala, ndipo mwini kampani, yemwe amaiona tsiku ndi tsiku, amazindikira nthawi yomweyo ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika. Ambiri amayamba kusankha chithunzi chowasangalatsa kenako n'kumalimbana ndi lebulo kuti ikwane. Ine ndimakana chithunzicho chisanandikope.

Chifukwa chomwe kunena kuti musaike lebulo kumabweretsera lebulo

Atamva kuti tikufuna botolo lopanda kanthu, kasitomala anayesa pulomputi iyi:

```
luxury skincare lotion bottle, brand advert, no label, no text, no logo
```

Pafupifupi zithunzi zonse zinatuluka ndi lebulo. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo chachiwiri ndi chomwe anthu ambiri sachiona.

Choyamba ndi chakuti mamodelo ambiri, kapena kuti mapulogalamu a AI opanga zithunzi, sagwira bwino mawu okaniza. Anaphunzira pa zithunzi zomwe zinali ndi mawu ofotokoza zomwe zili pachithunzipo, osati zomwe palibe. Mukalemba `no label`, liwu lomwe lili ndi mphamvu ndi `label`, pomwe `no` amangodutsa. Ndiye kuti mu pulomputi ya kasitomala munali mawu atatu oitana chinthu chomwe iye ankachikana.

Chachiwiri chili m'mawu oyambirira aja. Ganizirani zithunzi zomwe zili pa intaneti zofotokozedwa ndi mawu ngati `skincare`, `lotion`, `brand` ndi `advert`. Pafupifupi zonse ndi za katundu wogulitsidwa, ndipo katundu wogulitsidwa amakhala ndi dzina. Kwa modelo, botolo la mafuta odzola ndi lebulo yake ndi chinthu chimodzi. Ngakhale mutachotsa mawu okaniza onse, liwu la `skincare` palokha likokabe lebulo. Mankhwala ake ndi kusiya kutchula ntchito ya botolo n'kufotokoza thupi lake lokha: ndi lagalasi, ndi labulawuni, khoma lake ndi lowongoka, ndi losalala. Botolo lofotokozedwa motere limafanana ndi zomwe zili m'makatalogi a ogulitsa mabotolo opanda kanthu, ndipo kumeneko lebulo kulibe.

Pali liwu lina lomwe anzathu amalikonda, la `mockup`. Limathandiza nthawi zina, koma lili ndi katundu wake: zithunzi zambiri za mtundu umenewu zimakhala ndi mawu ongogwirizira malo, osonyeza pomwe logo idzakhale, ndipo modelo imawatengera. Mumapeza botolo lalembedwa zilembo zosamveka pakatikati penipeni. Pantchito iyi ndinalisiya.

Pulomputi yomwe inagwira ntchito, pa modelo yotchedwa SDXL, inali iyi:

```
plain amber glass bottle, straight cylindrical body, bare smooth glass,
filled with opaque cream liquid, black pump top, standing on pale stone,
front view, camera slightly above, 100mm lens,
large soft light from the left, plain background, sharp focus
```

Zokanidwa zonse zinapita m'bokosi lake la `Negative prompt`:

```
label, text, letters, logo, sticker, embossing, watermark, water drops, hand
```

Bokosi limeneli si chimodzimodzi ndi kulemba `no` mu pulomputi. Pa sitepe iliyonse ya kupanga chithunzi, pulogalamu imawerengera padera komwe mawu okanidwawo akanachikokera, n'kuchikankhira kutali ndi kumeneko. Pa pulogalamu ya Midjourney ntchito yomweyi imachitika ndi `--no label, text, logo` kumapeto kwa pulomputi. Mamodelo ena alibe bokosi lotere, ndipo kumeneko chida chokha chomwe muli nacho ndi kufotokoza zomwe zilipo.

Mawu ena mu pulomputiyi alipo chifukwa cha lebulo basi, osati kukongola. Madontho a madzi amakometsa botolo, koma dontho lililonse lomwe lagwera pamalo a lebulo liyenera kudzafufutidwa kapena kujambulidwanso pamwamba pake. Dzanja limaphimba m'mphepete mwa khoma. Zilembo zotukuka pagalasi, zomwe modelo imakonda kuika paphewa kapena pansi pa botolo, ndi dzina labodza lomwe lalowera khomo lakumbuyo. Kuwala kofewa kochokera mbali imodzi kumasiya pakati pa botolo popanda chinyezimiro chakuthwa. Mawu a `100mm lens` modelo siiwawerenga ngati muyeso weniweni, koma amaikokera ku zithunzi zojambulidwa patali, momwe makoma a botolo amaima chilili osapendekera mkati.

Mawu a `filled with opaque cream liquid` analowa mochedwerako. Zithunzi zoyamba zinali ndi botolo lopanda kanthu mkati, kuwala kukudutsa m'galasi mpaka likuyaka ngati lofiira. Kasitomala atangoona anati, "Lathu silioneka choncho, lathu limakhala lodzaza." Ankanena zoona. Mafuta oyera akakhala m'galasi labulawuni amatseka kuwala, ndipo botolo limaoneka lodera ndi losaonekera mkati. Onani kuti ndinalemba `cream liquid`, osati `lotion`, pa chifukwa chomwe ndafotokoza chija.

Mawonekedwe a botolo sachokera m'mawu

Pulomputi inachotsa lebulo, koma sinapereke botolo la kasitomala. Phewa linkasinthasintha, lina lozungulira lina lakuthwa, pampu ina yaitali ina yonenepa, ndipo nambala ija ya 1.8 inkabwera mwamwayi. Mukhoza kulemba muyeso wa mamilimita mu pulomputi, modelo siimva. Mawu amatha kunena kuti botolo ndi lalitali, koma sanganene kuti ndi lalitali bwanji.

Apa ndinagwiritsa ntchito ControlNet, chida cha mu 2023 chomwe chimalola modelo kutsatira mizere kapena kuya kwa chithunzi china chomwe mwaipatsa. Chithunzi cha pafoni chomwe kasitomala anabweretsa sichikanathandiza: chinajambulidwa pafupi kwambiri ndi lenzi yotambalala, moti pamwamba pa botolo panatupa, pansi n'kuchepa. Ndinawapempha ajambulenso ataima patali pang'ono n'kukoka ndi zumu, foni ili pamwamba pang'ono pa botolo, ndipo botolo likhale lopanda lebulo. Mfundo yomalizayi si yaing'ono. Mukagwiritsa ntchito `Canny`, yomwe imatola mizere yonse ya pachithunzi, imatolanso m'mphepete mwa lebulo ndi zilembo zake, ndipo modelo imazibweza mokhulupirika ngakhale mwazikana m'bokosi lija. Botolo lopanda lebulo likasowa, paka malo a lebulowo mtundu umodzi musanalowetse chithunzicho, kapena sankhani `Depth`, yomwe imayang'ana kuya ndipo zilembo zosindikizidwa siizisamala kwenikweni.

Ndinasankha `Depth`, `Control Weight`, mphamvu yomwe modelo imatsatira nayo chithunzi chomwe mwaipatsa, ili pa 0.7. Ndikakweza kwambiri, galasi limauma n'kumaoneka ngati pulasitiki. Ndikatsitsa kwambiri, phewa limayambanso kuyendayenda. Nditapeza chithunzi chabwino ndinasunga `Seed` yake, nambala yomwe pulogalamu imayambira popanga chithunzi, kuti zosintha zotsatira zikhale pa botolo lomweli.

Momwe ndinkasankhira

Chithunzi chinkapyola chikakhoza zinthu zingapo, ndipo kukongola kunali komalizira. Muyeso wa khoma ndanena kale. Kenako ndimakoka mizere iwiri yoimirira m'mbali mwa botolo kuti ndione ngati makoma ali owongoka komanso ofanana, chifukwa mabotolo a AI amakonda kukhala ndi phewa limodzi lokwera kuposa linzake. Ndimakulitsanso pakati pa khoma n'kukweza kusiyana kwa kuwala ndi mdima kwakanthawi. Nthawi zina pamatulukira kachithunzithunzi ka ngodya zinayi, malo omwe modelo inayamba kuika lebulo n'kuleka panjira. Kakakhala mkati mwa malo omwe lebulo yeniyeni idzaphimbe, palibe vuto. Kakatulukira kunja, kayenera kufufutidwa.

Chomwe ambiri saona ndi mikombero. Botolo lozungulira mukaliyang'ana kuchokera pamwamba pang'ono, mkombero wa pakhosi ndi wa pansi amaoneka ophwatalala. Pachithunzi chenicheni wa pansi umakhala wotseguka kuposa wa pamwamba, chifukwa kamera imauyang'ana mopendeka kwambiri. Modelo ilibe kamera, choncho imatha kupanga khosi looneka kuchokera pamwamba ndi tsinde lowongoka ngati laonedwa cham'mbali. Diso silidandaula botolo likakhala lopanda kanthu. Koma mukamatapo lebulo, m'mphepete mwake mwa pamwamba ndi mwa pansi muyenera kupindika, ndipo simudziwa kuti mutsatire mkombero uti. Chithunzi chotere ndimachitaya ngakhale chikhale chokongola bwanji.

Pomaliza ndimadzifunsa ngati botolo kapena pampu yake ikukumbutsa katundu wa kampani ina yotchuka. Kupanda dzina sikutanthauza kuti chinthu chilibe mwini, chifukwa mawonekedwe a botolo nawo amatha kukhala otetezedwa ndi lamulo. Pantchito iyi nkhawayo inachepa chifukwa mawonekedwe anachokera ku botolo la kasitomala.

Galasi lopanda kanthu kapena lebulo yoyera yopanda mawu?

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo anthu a ntchito yathu amasiyana maganizo. Ena amapempha botolo lokhala ndi lebulo yoyera yosalembedwa, kenako n'kuika yeniyeni pamwamba ndi `Multiply`, njira ya mu Photoshop yosakanizira maleya yomwe imalola mthunzi wa leya ina kuonekera pa inzake. Ubwino wake ndi woti pepala loyeralo limabwera ndi kuwala ndi mthunzi wa pamalopo, ndipo `Multiply` imazisamutsira pa lebulo yanu popanda thukuta. Kuipa kwake ndi kwakuti modelo ndiyo imasankha kukula kwa pepalalo ndi ngodya zake, ndipo sizifanana ndi zanu. Ikakhala yaikulu kuposa yanu, muyenera kubwezeretsa galasi mozungulira. Komanso mwatchula lebulo mu pulomputi, ndiye musadabwe zilembo zikayamba kumera.

Ena amapempha galasi lopanda kanthu, monga ndinachitira. Apa muli ndi ufulu wonse pa kukula ndi malo, koma kuwala kulibe. Galasi lodera lonyezimira ndi pepala losanyezimira salandira kuwala mofanana. Pagalasi pamaoneka mzere wowala wakuthwa ndi mdima wambiri. Papepala kuwala kumatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka mbali yowala kupita mbali yamthunzi. Mukatenga kuwala kwa galasi n'kukuika pa lebulo yapepala, lebuloyo imada ndipo imanyezimira ngati yakutidwa ndi pulasitiki. Mukapanda kuikapo kuwala kulikonse, imaoneka ngati sitampa yomatidwa pamwamba pa chithunzi.

Njira yomwe ndinatenga ndi kupanga zonse ziwiri pa botolo limodzi. Chithunzi choyamba, cha galasi lopanda kanthu, ndicho maziko. Kenako ndinachilowetsa mu `Inpaint`, yomwe imajambulanso malo okhawo omwe mwapaka, n'kupaka masiki pakhoma lonse lowongoka, kuposa malo a lebulo mbali zonse, ndi pulomputi yaifupi:

```
blank matte white paper wrapped around the bottle, soft light from the left
```

`Denoising strength`, muyeso wa kusintha komwe modelo imaloledwa kuchita, inayenera kukwera kufika cha pa 0.9, chifukwa kusandutsa bulawuni wodera kukhala woyera ndi kusintha kwakukulu. Ikakhala yotsika, pepala limatuluka lodetsedwa ndi mtundu wa galasi. Chithunzi chachiwirichi palibe amene adzachione. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kundiuza momwe kuwala kwa pamalopo kukanagwera papepala lokulungidwa pabotolo limeneli. N'chifukwa chake sindinadandaule modelo italembapo timizere tingapo pakati. Ndinachotsa mitundu, ndinapukuta timizereto, ndinafewetsa zonse ndi `Gaussian Blur`, ndipo chotsala chinali kutsetsereka koyera kwa kuwala: kowala kumanzere, kodera pang'onopang'ono kumka kumanja, ndi kakuwala kochepa kobwerera kuchokera pamwala m'mphepete mwenimweni mwa kumanja. Kakuwala kobwereraka ndi komwe munthu wopaka mthunzi pamanja amaiwala kawirikawiri.

Kukulitsa kaye, kumata pambuyo

Chithunzi chinatuluka pa mapikiselo 896 m'lifupi ndi 1152 m'litali, botolo likutenga mapikiselo 300 m'lifupi. Popeza botolo lenileni ndi mamilimita 50, milimita iliyonse inali ndi mapikiselo 6 okha. Zilembo zing'onozing'ono za pa lebulo ndi zotalika pafupifupi milimita imodzi, ndipo pa mapikiselo 6 zimangokhala phala. Ndinakulitsa chithunzi kanayi, botolo n'kufika mapikiselo 1200, milimita iliyonse 24.

Dongosolo lake lisasinthidwe. Mapulogalamu okulitsa zithunzi a AI amapeka tinthu tomwe panalibe. Pagalasi ndi pamwala zimenezi n'zabwino, koma akapeza zilembo amazikonza m'njira yawoyawo, ndipo mumabwerera ku vuto lomwe munalithawa poyamba. Lebulo ikangolowa, pasadutsenso chida chilichonse chojambula mwatsopano. Mukatha kukulitsa, yang'ananinso khoma la botolo, chifukwa chokulitsacho nthawi zina chimatenga kachinyezimiro kosadziwika bwino n'kukasandutsa chinthu chonga chilembo.

Kukulunga lebulo

PDF ya kosindikiza imakhala ndi malire owonjezera odzadulidwa ndi timizere tosonyeza podula. Poilowetsa ndinasankha `Trim Box` kuti ndipeze lebulo monga imakhalira ikadulidwa. Ndinaisandutsa `Smart Object` kuti ipindike popanda kuwononga fayilo yoyambirira, ndiponso kuti idzathe kusinthidwa mtsogolo.

Tsopano masamu pang'ono, omwe ndi osavuta koma amasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongoyerekeza. Lebulo ya mamilimita 60 siingaoneke yonse ya mamilimita 60 pabotolo la mamilimita 50, chifukwa imazungulira. M'lifupi mwake mooneka mumapezeka motere, ngodya ili m'maradiyani:

```
w_seen = D * sin(w / D)
       = 50 * sin(60 / 50)
       = 46.6 mm
```

Ndiye kuti lebulo imatenga pafupifupi 93 peresenti ya m'lifupi mwa botolo, n'kusiya kagalasi kochepa mbali iliyonse. Pachithunzi chathu amenewa anali mapikiselo pafupifupi 1118, pomwe m'litali munali 70 kuchulukitsa ndi 24, kapena kuti 1680.

Koma si nkhani yongofinya 60 kuti akhale 46.6 mofanana paliponse. Pakati pa botolo zilembo zimakhala ndi kukula kwake kwenikweni. Kumka m'mbali zimapanikizana, ndipo m'mphepete mwenimweni mwa lebulo iyi chilembo chimaoneka chopyapyala, kungoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwake. Wofinya mofanana amachepetsa logo yapakati n'kusiya zilembo za m'mbali zonenepa, ndipo lebulo imaoneka yafulati ngakhale m'mphepete mwake mwapindika. Mu Photoshop, `Warp` ili ndi `Cylinder` yochitira zimenezi. Poyesa ngati zakhala bwino, ndimayeza logo yapakati: m'lifupi mwake muyenera kukhala pafupi kwambiri ndi mamilimita ake enieni kuchulukitsa ndi 24. Njira ina yosanama ndi kuika pambali chithunzi cha pafoni cha botolo lenileni lili ndi lebulo, n'kuona ngati liwu lomaliza la mzere likuthera pamalo ofanana.

Kupindika kwa m'mphepete ndinakutenga ku mkombero wa pansi pa botolo. Ndinajambula mkombero wophwatalala wotsatira tsindelo, n'kuukweza mpaka pomwe lebulo ikuthera, ndipo mzere wa pansi wa lebulo unatsatira umenewo. Wa pamwamba unapindika mochepera pang'ono, chifukwa uli pafupi ndi msinkhu wa kamera. Onse awiri anapindika pakati pakutsika, m'mbali mukukwera, popeza kamera inali pamwamba pa lebulo yonse.

Kuwala ndi tinthu ting'onoting'ono

Leya ya kuwala ija inakhala pamwamba pa lebulo ndi `Multiply`, yomangiriridwa ku lebulo yokha ndi `Create Clipping Mask`. Mzere wonyezimira wa pagalasi unaphimbidwa pomwe pali pepala, n'kupitirira pamwamba ndi pansi pake. Kuduka kwa chinyezimiro pamalire a pepala n'komwe kumauza diso kuti apa pali zinthu ziwiri zosiyana. Lebulo ikanakhala yapulasitiki yonyezimira ndikanachita mosiyana: ndikanakopera chinyezimirocho pa leya yake n'kuchibwezera pamwamba ndi `Screen`.

Zotsala zinali zitatu, zonse zazing'ono. Kuyera kwa mu fayilo ndi kuyera kotheratu, 255 pa mitundu yonse itatu, ndipo pepala lenileni pachithunzi silifika pamenepo; ndinakutsitsa kuti kukhale pansi pa chinyezimiro cha pagalasi, n'kukupatsa kafundidwe kochepa kofanana ndi ka pamwala. M'mphepete mwa lebulo mwa kumthunzi ndinaikamo kamzere kodera ka mapikiselo awiri kapena atatu, kosonyeza kuti pepala lili ndi thupi. Kenako ndinafewetsa lebulo pang'ono kwambiri n'kuthira timadontho ta `Add Noise` pachithunzi chonse, chifukwa zilembo zochokera mu PDF ndi zakuthwa kuposa china chilichonse pachithunzipo, ndipo kuthwa kopitirira kumeneku kumaulula kuti zamatidwa.

Mtundu wa logo unafuna kukambirana. Fayilo inali ya CMYK, mitundu ya kosindikiza, chithunzi cha sRGB, mitundu ya pakompyuta, ndipo wobiriwira wa kampani utalowa pansi pa leya ya kuwala unaoneka woderako kuposa momwe kasitomala anauzolowerera pakompyuta. Anafuna ndiuwalitse. Ndinawapempha aike botolo lenileni pafupi ndi zenera n'kuyerekeza, ndipo anaona okha kuti mbali ya kumthunzi imaderadi chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti mtundu ukhale wolondola pamalo owala kwambiri a lebulo, kwinako utsatire kuwala.

Pomwe njirayi imathera

Inagwira bwino pano chifukwa botolo linali lozungulira, la khoma lowongoka, loima lokha ndi loyang'ana kutsogolo. Botolo lochepa pansi n'kukula pamwamba limafuna lebulo yodulidwa mokhota, ndipo `Cylinder` payokha siikwana. Pa paketi yofewa yokhala ndi makwinya lebulo iyenera kutsatira khwinya lililonse ndi `Displace`, ndipo kawirikawiri kujambula paketi yeniyeni ndi kamera n'kuiika pamalo opangidwa ndi AI kumafulumira kuposa. Botolo lagalasi loonekera mkati lili ndi vuto lakelake: kuseri kwa lebulo yakumbuyo kumaonekera kudzera m'madzi, kotambasuka, ndipo mukakusiya chithunzi chimaoneka choyera mopitirira chenicheni.

Palinso malire a chilungamo kwa wogula. Chithunzichi chikunena kuti katundu wathu ndi uyu. Pampu ikasiyana, kapena botolo likaoneka lalikulu kuposa lenileni, wogula wanamizidwa ngakhale lebulo ili yolondola chilembo ndi chilembo. Pantchito iyi pampu yomwe modelo inapanga inali ndi kamlomo kokhota mosiyana pang'ono ndi keniyeni. Ndinaidula pachithunzi cha pafoni, n'kuikonza kuwala, n'kuiika m'malo mwake. Ndinalangizanso kasitomala kuti chithunzichi chikhale chotsatsira, koma patsamba logulitsira pakhalebe chithunzi chojambulidwa ndi kamera.

Anapatsidwa fayilo ya maleya onse, lebulo ikadali `Smart Object`, pamodzi ndi pulomputi, `Seed` ndi chithunzi cha galasi lopanda kanthu. Patapita nthawi anasintha mndandanda wa zosakaniza ndipo anatulutsa fungo lachiwiri la lebulo ya mtundu wina. Zonsezi zinangofuna kutsegula `Smart Object`, kulowetsamo PDF yatsopano ndi kusunga. Kupindika ndi kuwala zinatsatira zokha. Atabweretsa botolo laling'ono la mafuta omwewo anaganiza kuti tingochepetsa chithunzi chakale, koma khoma lake poyerekeza ndi m'mimba linali 1.4, ndipo pampu inali ya kukula komwe kuja pa thupi lalifupi. Limenelo linafuna chithunzi chake cha pafoni, `Depth` yake, ndi masamu ake a lebulo kuyambira pachiyambi.